Mchenga, madzi ndi mamita 32

Ana ambiri omwe ali ndi otizimu amatseka makutu akamva phokoso lomwe ife sitilabadira n'komwe. Si matukutuku ayi. Ubongo wawo umavutika kusefa mawu, ndiye injini ya boti, wailesi ndi kukuwa kwa ogula usipa zimawafikira zonse pakamodzi.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Kukula kwa phokoso timakuyeza m'madesibelo. Pabwalo popanda zipupa, mtunda wochokera pomwe pali phokoso ukawirikiza kawiri, limatsika ndi madesibelo 6. Tinene kuti sipika ikulira madesibelo 90 pa mita imodzi. Pa mamita 2 ndi 84, pa 4 ndi 78, ndipo pa mamita 32 latsika kufika 60, ngati anthu akungocheza basi.

N'chifukwa chake ine sindingapite naye mng'ono wanu padooko la ku Makawa m'mawa asodzi akamakocheza. Ndingadikire anthu abalalike, n'kupeza pamthunzi chapatali.

Pamenepo m'patseni beseni la madzi a pamjigo, makapu awiri ndi mchenga wouma. Azithira, azikhuthula, azikwirira manja. Izi amazilamulira yekha, ndipo zimachitika mofanana nthawi zonse, pomwe phokoso la pamsika limangomudzidzimutsa. Ndati a pamjigo dala: m'madzi osaya a m'nyanja muno muli likodzo, kwinaku ng'ona.

Ana ena mchenga umawanyansa, musawakakamize. Yesani nkhomo za bawo, ngati saika zinthu mkamwa. Akayamba kutseka makutu kapena kung'ung'udza mokweza, nyamukani msanga asanayambe kulira.