Kumasulira malamulo a ziphuphu ndi mphatso kuti akapitawo a pafakitale awagwiritse ntchito

Kampani yakunja ikamagula katundu kufakitale ya kuno, kaya ndi tiyi wa ku Thyolo ndi Mulanje kapena fodya wokonzedwa ku Kanengo, kawirikawiri imatumiza chikalata cha malamulo amene wogulitsa ayenera kusainira. M'chikalatacho mumakhala gawo la ziphuphu, la mphatso ndi la wantchito amene ali ndi chibale kapena phindu pa nkhani imene akuigamula. Amasaina ndi mabwana a ku ofesi, koma amene amakumana ndi zimenezi tsiku ndi tsiku ndi kapitawo, chifukwa ndiye amalemba aganyu, kuyeza katundu pasikelo ndi kuvomereza kuti lole yatsitsa zokwanira. Womasulira azikumbukira munthu ameneyu. Chichewa chake chalondola ngati kapitawo, atangowerenga kamodzi, akudziwa chochita pamene wina wamutambasulira envulopu.

Ntchito imayamba ndi kudziwa kumene chikalatacho chachokera, chifukwa mawu ake amatsatira lamulo la dziko la wogula. Lamulo la ku Britain lothana ndi ziphuphu la 2010 limalanga kampani yolephera kuletsa ziphuphu zoperekedwa ndi anthu oigwirira ntchito, ndipo sililola ngakhale kandalama kofulumizitsira chikalata ku ofesi ya boma. Lamulo la ku America la 1977 lili ndi kampata kochepa pa ndalama zofulumizitsira zoterezi, ngakhale makampani ambiri a kumeneko amaziletsabe m'malamulo awo. Ku Malawi nako kuli lamulo lothana ndi katangale la 1995, limene linakhazikitsa bungwe la ACB. Womasulira amene akudziwa izi sangafewetse chiganizo choletsa ndalama zofulumizitsira poganiza kuti wolemba anangokokomeza. Awerenge chikalata chonse kaye, alembe mafunso ake onse, awatumize kwa mwini chikalata asanayambe kumasulira.

Kenaka akonze mndandanda wa mawu ofunika, mawu amodzi pa tanthauzo limodzi, ndipo asawasinthe mpaka kumapeto. Chiphuphu ndi chinthu chimene chimaperekedwa kapena kulandiridwa kuti munthu akhotetse ntchito yake. Katangale ndi mawu otambalala, okhudzanso kuba ndi chinyengo, ndipo ambiri akawamva amaganiza za anduna ndi mamiliyoni a boma. Kapitawo amene walandira nkhuku sadziona ngati wakatangale. Choncho pamene chikalata chikunena za kupereka ndi kulandira, mawu oyenera ndi chiphuphu. Komabe palibe amene amafika pageti n'kunena kuti wabweretsa chiphuphu. Amati "ya fanta", "ya sopo", "kangachepe", kapena "ndangoti ndikuthokozeni". Ngati mwini chikalata walola, mayina amenewa alowe m'chiganizo chofotokozera: "Chiphuphu ndi chiphuphu ngakhale chitchedwe ya fanta, kangachepe kapena chithokozo." Kuwonjezera kotereku kulembedwe padera kuti mwini chikalata adziwe kuti m'Chichewa muli chiganizo chimene m'Chingelezi mulibe.

Chiganizo choletsa ziphuphu chimakhala ndi aneni angapo ondondozana, ndipo womasulira wotopa amawaphatikiza kukhala awiri, kupereka ndi kulandira. Kumeneku n'kutaya theka la lamulo. Kulonjeza, kupempha ndi kuvomera nazonso n'zoletsedwa ngakhale ndalama isanasinthe manja, ndipo mneni aliyense aoneke. Aonekenso mawu akuti "mwachindunji kapena kudzera mwa munthu wina", chifukwa thumba la chimanga lotulidwa kunyumba kwa mkazi wa kapitawo, kapena ndalama yotumizidwa pafoni ya mwana wake, ndi njira yodziwika. Mawu a Chingelezi otanthauza chinthu chilichonse chopindulitsa asamasuliridwe kuti "chinthu chamtengo wapatali". Atamasuliridwa choncho, mayunitsi a foni ndi mbuzi zatuluka m'lamulo. Ndi bwino kunena kuti "ndalama, katundu, chithandizo kapena china chilichonse chimene munthu angapindule nacho", n'kutchula zitsanzo monga ngongole yopanda chiwongoladzanja, fizi ya mwana ndi malo a ntchito a m'bale. Ngati chikalata chikutchula kukakamiza munthu kugonana kuti alembedwe ntchito, Chichewa chinene zomwezo mosazungulira, poti mawu ophiphiritsa amateteza wolakwa.

Vuto lina lili pa mawu akuti "ayenera". M'Chichewa mawuwa amanyamula lamulo komanso langizo, pamene Chingelezi cha m'zikalatazi chimasiyanitsa chokakamiza, cholangiza ndi chololeza. Choletsedwa chilembedwe kuti "n'koletsedwa" kapena "simuloledwa". Chokakamiza chilembedwe kuti "ndi lamulo kuti". Langizo likhale "ndi bwino kuti", chololedwa chikhale "mukhoza". Akapitawo ndi anthu akuluakulu, ndipo chikalata chiwalankhule ndi "inu" monga "musalandire", osati "usalandire".

Gawo la mphatso limafuna nthawi yambiri. Kukana mphatso ndi chipongwe kwa anthu ambiri, ndipo chikalata chongoti "musalandire mphatso" chimamusiya kapitawo wopanda chonena pamaso pa munthu wamkulu amene wabwera ndi tambala. Womasulira sangasinthe lamulo, koma akhoza kufunsa mwini chikalata za zinthu zimene wolemba wa kunja sanaziganizire. Kodi chipepeso cha pamaliro chochokera kwa kontirakitala chili m'gulu la mphatso? Nanga ndalama za perekaniperekani paukwati wa mwana wa kapitawo? Yankho lichokere kwa mwini lamulo ndipo lilembedwe. Womasulira akayankha yekha, walemba lamulo latsopano limene wogula salidziwa.

Malire a mtengo wa mphatso amabwera m'ndalama zakunja, tinene madola 50. Kuwasandutsa makwacha m'kati mwa chiganizo n'kulakwa, chifukwa kwacha imasintha mphamvu: mu Novembala 2023 inatsitsidwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Chiwerengero cha madola chikhale monga chilili, ndipo mtengo wa m'makwacha ulembedwe pa kapepala kapadera kokhala ndi deti, kopachikidwa pabolodi, kosinthidwa ndi ofesi. Womasulira afunsenso ngati malirewo ndi a mphatso imodzi kapena a mphatso zonse zochokera kwa munthu mmodzi pachaka. Ndipo chiganizo chitsindike kuti mphatso yosafika pamalire imakhalabe chiphuphu ikaperekedwa kuti kapitawo akondere. Akapitawo ambiri akawerenga msanga amamva kuti chilichonse chochepera madola 50 n'chololedwa.

Nkhani ya kukhala ndi chibale kapena phindu pa zimene munthu akugamula ilibe dzina limodzi lokhazikika m'Chichewa. Kumasulira liwu ndi liwu kumabala zinthu ngati "kusamvana kwa zofuna" kapena "mkangano wa chidwi", zimene kapitawo angaganize kuti zikunena za anthu okangana kuntchito. Mawu akuti kukondera nawonso sakwana, chifukwa kukondera ndi kuchita cholakwa, pamene lamuloli limayamba kugwira ntchito munthu asanalakwe. Njira yabwino ndi kufotokoza mmene zinthu zilili: "Pamene inu, m'bale wanu kapena mnzanu wapamtima angapindule ndi chiganizo chimene mukupanga pantchito." Pambuyo pake pabwere chochita: "Kukhala ndi chibale choterechi si mlandu. Mlandu ndi kubisa. Uzani ofesi polemba, ndipo wina agamule m'malo mwanu."

Chitsanzo ndi fakitale ya tiyi imene imagula nkhuni za bulugamu zotenthetsera boyila. Kapitawo wa payadi ndiye amayeza mulu uliwonse n'kusaina kuti nkhuni zakwana ndipo n'zouma. Mmodzi mwa obweretsa nkhuni ndi mlamu wake. Chingelezi cha chikalata chikutchula achibale apafupi, ndipo wolemba wake mwina ankaganiza za mkazi kapena mwamuna, ana ndi makolo okha. Womasulira akalemba kuti "a pabanja panu", kapitawo adzati mlamu ali ndi banja lake, lamuloli silimukhudza. Akalemba kuti "achibale", mawuwo afika mudzi wonse, ndipo m'dera limene antchito ambiri amachokera m'midzi yozungulira esiteti palibe amene angalitsate lamulolo. Chofunika ndi kufunsa mwini chikalata tanthauzo lake, kumufotokozera kuti kuno malume, alamu, apongozi ndi asuweni amakhala ndi mphamvu yaikulu pa munthu, kenaka kutchula maubalewo mmodzimmodzi. Mlamu akatchulidwa, kapitawo wa payadi alemba fomu, nkhuni za mlamu wake aziyeza kapitawo wa shifiti ina, ndipo mlamuyo sataya msika wake.

Mawu otanthauza wogwira ntchito m'boma nawonso afunsidwe. M'zikalata zambiri amaphatikiza antchito a makampani a boma monga a magetsi ndi a madzi, oyendera mafakitale ndi apolisi, pamene "akuluakulu a boma" amamveka ngati anduna okha. Za mafumu, amene amalandira mswahara kuchokera ku boma, womasulira afunsenso mwini chikalata.

Chichewa chikatha, munthu wina amene sanaone Chingelezi choyambirira achibwezere m'Chingelezi, ndipo ziwirizo ziyerekezedwe. Njira imeneyi imagwira aneni otayika ndi ziwerengero zolakwika, koma siionetsa ngati akapitawo amva. Mayeso enieni ndi kukhala pansi ndi akapitawo asanu kapena asanu ndi mmodzi a zigawo zosiyana, bwana wawo palibe, n'kuwawerengera mokweza. Funso lakuti "mwamva?" silithandiza, chifukwa aliyense amavomera. Apatsidwe nkhani zifupizifupi: dalaivala wa lole wasiya K5,000 patebulo osanena kanthu, mayi wofuna ganyu wabweretsa nthochi, kontirakitala wapereka chipepeso pamaliro. Aliyense anene chimene angachite ndiponso aloze chiganizo chimene chamuuza zimenezo. Awiri akayankha mosiyana pa nkhani imodzi, chiganizocho chikonzedwe ndi kuyesedwanso. Wina akayankha bwino koma osapeza chiganizo, ndiye kuti wayankha za m'mutu mwake ndipo chikalata sichinamuthandize.

Gawo la kokanena madandaulo lisamalidwe pomaliza. Manambala a foni ndi maadiresi a imelo akopedwe monga alili, ndipo wina aimbe nambalayo kuti aone ngati imalowa kuchokera ku Malawi komanso ngati woyankha amamva Chichewa. Ngati samva, mwini chikalata auzidwe, ndipo papepala palembedwe njira ina. Lonjezo lakuti wonena sadzabwezeredwa limveke ndi zitsanzo zake: sadzachotsedwa ntchito, sadzatsitsidwa paudindo, sadzamanidwa ovataimu. Pansi pa tsamba lililonse palembedwe deti ndi nambala ya chikalata cha Chingelezi chimene chamasuliridwa, pamodzi ndi chiganizo chonena kuti pakakhala kusiyana chogwira ntchito ndi chiti. Wogula akasintha malamulo ake, mapepala akale achotsedwe pabolodi tsiku lomwe atsopano apachikidwa.