Kulemba malangizo a chithunzi cha positala ya saluni

Masiku ano pali mapulogalamu a pafoni ndi pakompyuta omwe amajambula chithunzi potsatira mawu amene munthu walemba. Mwini saluni yaing'ono angathe kuwagwiritsa ntchito pokonza positala yoitanira makasitomala. Koma pulogalamuyo siidziwa saluni yake. Chilichonse chimene sichinatchulidwe imachipeka yokha, ndipo kawirikawiri imatulutsa chipinda chachikulu cha kunja, chokhala ndi anthu a tsitsi losiyana ndi la kuno.

Tsono malangizo abwino amatchula zinthu zinayi: malo, anthu, kuwala ndi kaimidwe ka pepala. Mwachitsanzo, mayi amene ali ndi saluni ya mipando iwiri pamsika, ndipo ntchito yake yaikulu ndi kuluka tsitsi, angalembe motere m'Chingerezi, chimene mapulogalamu ambiri amamva bwino kuposa Chichewa:

```
Photo of a small, clean, modern hair salon in Malawi. Two chairs,
cream walls, tiled floor. A hairdresser finishes cornrows on a
smiling Black African woman; another customer waits, relaxed.
Soft daylight. Portrait, empty space at top. No text.
```

Mawuwa akunena kuti mipando ndi iwiri, makoma ndi oyererako ndipo pansi pali matailosi. Kutchula chiwerengero cha mipando kumathandiza kuti chithunzi chisakule kuposa saluni yeniyeniyo, pakuti kasitomala amene wakopeka ndi chipinda chapamwamba nakapeza china sabweranso. Kukhutira kwa makasitomala nako sikujambulika ndi liwu limodzi. Kumaoneka pa zochita: wina akumwetulira pomwe akumalizidwa kulukidwa, wina akudikira mosatekeseka. Anthu atatu ndi okwanira, chifukwa akachuluka nkhope zimayamba kupotoka.

Mawu omaliza akuletsa zolemba ndi kusiya mpata pamwamba. Mapulogalamuwa amalakwitsa zilembo ndi manambala, choncho dzina la saluni, mitengo ndi nambala ya foni zilembedwe pambuyo pake, pa mpata uja. Nambala imodzi yolakwika imawononga positala yonse.

Chithunzi chikatuluka, mwini saluni achikuze pafoni ndi kuyang'ana malo atatu. Awerenge zala za woluka, pakuti nthawi zina zimakhala zisanu ndi chimodzi kapena zolowerera m'tsitsi. Aone mizere ya malukidwe ngati ikuyenda monga imayendera pamutu weniweni. Ngati pali galasi, aone kuti munthu wa m'galasimo ndi yemweyo wakhala pampando. Pakapezeka cholakwika, asinthe chinthu chimodzi m'malangizo n'kuyesanso, kuti adziwe chimene chathandiza.

Chotsala ndi kukula kwa chithunzi. Kuti pepala la A4 lisindikizidwe mooneka bwino pamafunika mapikiselo pafupifupi 2480 m'lifupi ndi 3508 m'litali, pomwe mapulogalamu ambiri amapereka ocheperapo. Ndi bwino kutumiza chithunzicho kwa wosindikiza monga fayilo, chifukwa WhatsApp imachepetsa zithunzi zotumizidwa mwachizolowezi, ndi kusindikiza pepala limodzi loyesera asanalipire ambiri.