Mafunso Oyenera Kufunsa Mukatsegula Buku Loyera la Anzanu

Inu ophunzira maphunziro a zipembedzo, tsiku lidzafika lakuti mutsogolere zokambirana m'kalasi mmene mwakhala Mkatolika, Msilamu, Mpentekosite ndi wina wosapemphera kwina kulikonse. Chimene chidzagwetse kapena kuimika zokambiranazo ndi mafunso amene mudzabwere nawo, makamaka funso loyamba. Nditenga nkhani imodzi imene ndaiona ikupsetsa mitima kangapo, ya Abrahamu popereka mwana wake nsembe. Ili pa Genesis mutu 22, ilinso m'Kurani pa Sura 37 kuyambira ndime 100 kutsika m'munsi.

Wina amafulumira kufunsa kuti kodi mwanayo anali Isake kapena Ismayeli. Funso limeneli lisakhale loyamba. Likangoponyedwa, aliyense amaleka kuwerenga n'kuyamba kuteteza kwawo, ndipo ola lonse limatha popanda woyang'ana papepala. Yambani ndi funso losaopsa: palembedwa chiyani apa, nanga n'chiyani chimene sichidalembedwe? Muwerenge malemba awiriwo mokweza, pang'onopang'ono, ndipo aliyense anene zimene maso ake aona, osati zimene adamva kutchalitchi kapena kumadrasa.

Mukatero anthu amadabwa okha. Genesis akutchula Isake ndi dzina, akutchula dziko la Moriya, akutinso Abrahamu adaona malowo tsiku lachitatu la ulendo. Mwana akufunsa za mwanawankhosa wa nsembe, ndipo bambo sakumuuza zimene zili mumtima mwake. Kurani ikuyenda mwina. Ibrahimu akuona lamulolo m'maloto, akuuza mwana wake, akumufunsa maganizo ake, ndipo mwana akuvomera, nalonjeza kupirira. Dzina la mwanayo m'ndimezo mulibe. Nkhosa yamphongo yokodwa ndi nyanga zake m'chiyangoyango ili m'Genesis. Kurani ikungonena kuti mwanayo adaomboledwa ndi nsembe yaikulu. Sara sakumveka konse m'nkhani zonse ziwiri. Ophunzira ambiri, Akhristu ndi Asilamu omwe, amazindikira apa kuti zina zimene ankayesa kuti zili m'buku adazimva m'maulaliki.

Funso lachiwiri ndilo ndimalikonda, ndipo ndi limene achinyamata amalumpha: eni ake a bukuli amachita nalo chiyani lemba limeneli? Ayuda amawerenga Genesis 22 pa tsiku lachiwiri la chikondwerero cha chaka chawo chatsopano, nyengo imene amaomba lipenga la nyanga ya nkhosa, kupempha Mulungu kuti akumbukire kumvera kwa makolo awo. Kwa iwo nkhaniyi ndi ya kumangidwa kwa Isake, ndipo mabuku ena akale a arabi amati Isake anali munthu wamkulu wa zaka 37, wotha kukana, koma wosakana. Akhristu amaiwerenga kudzera pa Ahebri 11, pamene akuti Abrahamu adakhulupirira kuti Mulungu angathe kuukitsa akufa, ndipo Isake wosenza nkhuni amawakumbutsa Yesu wosenza mtanda. N'chifukwa chake Akatolika amaiika pa mawerengo a usiku wa Pasaka. Asilamu amaikumbukira pa Idi ya nsembe, tsiku la 10 la mwezi wa Haji. Amene mudakhalako ku Mangochi kapena ku Machinga mukudziwa mbuzi ndi ng'ombe zimene zimazingidwa tsikulo, nyama n'kugawidwa kwa achibale, anansi ndi osauka. Choncho mukamakambirana ndime zimenezi, dziwani kuti mnzanu amene mwayandikana nayeyo akukumbukira pemphero la m'mawa wa Idi ndi bambo ake atagwira mpeni.

Tsopano funso la dzina la mwana lingabwere, koma libwere motere: kodi eni ake adakambirana zotani pa nkhaniyi? Apa pali chimene ambiri sadziwa. Akatswiri oyambirira a Chisilamu sadagwirizane. Al-Tabari, womasulira Kurani wamkulu amene adamwalira mu 923, adalemba maganizo a mbali zonse ziwiri, iye n'kutsamira kwa Isake. Ibn Kathir, amene adamwalira mu 1373, adaima nji pa Ismayeli, ndipo lero Asilamu ambiri ali pamenepo. Zifukwa zake zili m'malemba momwemo. Uthenga wa kubadwa kwa Isake ukubwera pa ndime 112, nkhani ya nsembe itatha kale. Ndiponso Genesis akutcha woperekedwayo mwana mmodzi yekha, chonsecho Ismayeli adabadwa Abrahamu ali ndi zaka 86, pamene Isake adabadwa bambo ali ndi zaka 100. Myuda kapena Mkhristu adzayankha kuti pofika mutu 22 Hagara ndi Ismayeli anali atachotsedwa kale pamudzi m'mutu 21, ndipo Isake ndiye mwana wa pangano. Ntchito ya kalasi ndi kuti Mkhristu athe kufotokoza mfundo ya Ibn Kathir bwino lomwe mpaka Msilamu avomere kuti waimva, ndipo Msilamu achite chimodzimodzi ndi mfundo ya mnzake. Kugamula wolondola si ntchito ya ola limenelo.

Pali funso lina loti mufunse musanalowe n'komwe m'kalasi: bukuli limagwiridwa bwanji? Asilamu ambiri sakhudza Kurani ya Chiarabu asanadziyeretse ndi madzi monga achitira pokapemphera, saiika pansi, ndipo sasanjikapo buku lina pamwamba. Ngati mwajambula ndime za Chiarabu pamapepala ogawa, ganiziranitu kumene mapepalawo adzapite kalasi ikatha, chifukwa kuwaona m'dzala kapena atakulungira mandasi kumapweteka. Njira yosavuta ndi kugawa zomasulira zokha, kapena kutolera mapepalawo n'kupatsa wophunzira wachisilamu. Dziwaninso kuti kwa Msilamu zomasulira za Chichewa ndi tanthauzo chabe, Kurani yeniyeni ndi ya Chiarabu, pamene Mkhristu wogwira Buku Lopatulika la 1922 kapena Buku Loyera la 1998 amati wagwira Mawu a Mulungu enieni. Musayese kuti mabuku awiriwa ali ndi malo ofanana m'mitima ya eni ake.

Ulemu usakutsekeni pakamwa. Wina adzafunsa kuti ndi Mulungu wotani wopempha kholo kupha mwana, ndipo funsolo n'loyenera, makamaka kuno kumene tamva za anthu achialubino ophedwa chifukwa cha zikhulupiriro. Musalithawe, koma lipindeni kuti liyang'ane mabuku onse mofanana: kodi chipembedzo chilichonse chimaletsa bwanji munthu kutenga nkhaniyi ngati chilolezo? Ayuda ndi Akhristu adzaloza Deuteronomo 12 ndi Yeremiya 7, pamene kupereka ana nsembe kwatsutsidwa kotheratu. Asilamu adzaloza Sura 6 ndi Sura 17, zoletsa kupha ana poopa umphawi. Onse adzakumbutsa kuti m'nkhani zonse ziwiri mpeni sudagwire ntchito pa mwana. Funso lililonse lolimba limene mukufuna kufunsa buku la mnzanu, yambani mwaliyesa pa buku lanu. Ngati simungalipirire pamenepo, likonzeni kaye.

Zizindikiro zoti zinthu zikupotoka sizivuta kuona. Anthu amaleka kunena kuti ndime yakuti ikuti, n'kuyamba kunena kuti inu Asilamu kapena inu Akhristu mumati. Msilamu mmodzi yekha amene ali m'kalasimo amasanduka woyankhira Asilamu onse a dziko lapansi, chonsecho mwina ndi mwana wa zaka 19 amene sadaphunzire zomasulira za mashehe. Kapena wina amatseka buku n'kuyamba kulalikira. Mukaona zotere musakalipe. Tchulani nambala ya ndime, pemphani wina aiwerengenso mokweza, ndipo funsani amene wakhala chete nthawi yonseyi chimene waonapo.