Mpatuliro pa Kalata ya Ngongole

Tiyerekeze kuti mwakongoza achimwene anu ndi alamu anu K500,000 yogulira feteleza, ndipo pakapepala mwalemba kuti: "Achimwene abweza K200,000 akakolola, alamu abweza yotsala." Apa amene akudikira kukolola ndi achimwene. Alamu alibe pobisala, mukhoza kuwaitanitsa K300,000 yawo ngakhale chimanga chisanamasule.

Tsopano bwezani mpatuliro uja mmbuyo ndi liwu limodzi: "Achimwene abweza K200,000, akakolola alamu abweza yotsala." Mawu ndi omwewo, koma "akakolola" wasamukira kwa alamu. Iwo ndiwo apuma mpaka Meyi, ndipo achimwene angadzidzimuke mukugogoda pakhomo pawo mu Januwale, nthawi imene nkhokwe ili mbee. Mawu onena za nthawi kapena chifukwa, monga "akakolola", "akalandira malipiro" ndi "pokhapokha", amamatirira mbali imene mpatuliro wawasiya.

Zimenezi zimagwetsa ngakhale makampani okhala ndi maloya. Ku Canada, Rogers ndi Aliant anasainirana mu 2002 mgwirizano wogwiritsa ntchito mapolo a mawaya kwa zaka zisanu, womapitirira zaka zisanuzisanu. Kumapeto kunali mawu olola kuuthetsa popereka chidziwitso cha chaka chimodzi. Mpatuliro umene unali patsogolo pa mawu amenewa unachititsa bungwe la CRTC kugamula mu 2006 kuti Aliant ikhoza kuthetsa mgwirizano ngakhale zaka zisanu zoyambazo zisanathe, zomwe zikanakweza mtengo umene Rogers inkalipira. Rogers inapulumuka mu 2007 chifukwa mgwirizano womwewo unalinso m'Chifalansa, ndipo mmenemo tanthauzo linali losakayikitsa. Pakhomo panu sipadzakhala kalata yachiwiri yotero.

Musanasaine, phimbani mipatuliro yonse ndi chala, muwerenge chiganizocho mokweza pamaso pa onse. Ngati chikumveka pawiri, musalimbane ndi kusuntha mpatuliro, chiduleni. Munthu aliyense akhale ndi chiganizo chakechake, chotchula dzina lake lonse, ndalama zake, wozilandira ndi tsiku: "Achimwene abweza K200,000 kwa ine pofika pa 31 Meyi. Alamu abweza K300,000 kwa ine pofika pa 31 Meyi." Liwu loti "yotsala" lichotseni, pakuti limafuna masamu amene anthu adzawerengere mosiyana mkangano ukabuka. Ndalamazo muzilembe m'manambala ndi m'mawu omwe.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi kalata yolemba pamanja. Mpatuliro ndi kadontho kamchira, munthu angakaonjezere ndi bolopeni osasiya chizindikiro. Choncho lembani makalata awiri kapena atatu ofanana, mboni zisaine pa iliyonse, ndipo aliyense ajambule kalatayo pafoni tsiku lomwelo, inki isanaume n'komwe.