Bere Likamapweteka, Yang'anani Kamwa la Mwana

Mwana wakhanda sayenera kuyamwa nsonga ya bere yokha. Nsongayo ndi potulukira chabe, ndipo kuti mkaka utsike bwino, mwana amafunika kulowetsa m'kamwa gawo lalikulu la khungu lakuda lozungulira nsonga, lilime lake n'kumakama pansi pake. N'chifukwa chake alangizi a zaumoyo amayang'ana zinthu 4 mayi akamayamwitsa: mwana wayasamula kwambiri, chibwano chake chakhudza bere, mlomo wam'munsi wapindikira kunja, ndipo khungu lakuda likuoneka lambiri pamwamba pa kamwa kusiyana ndi pansi. Zikatere masaya amakhala ofufuma, mwana amakoka pang'onopang'ono mwamphamvu, kupumira, kenako mumamumva akumeza. Wagwira molakwika ndi amene wasongola milomo, chibwano chili patali, masaya akulowa m'kati, akuyamwa mofulumira ndi kaphokoso ka tya tya. Akasiya, nsonga imatuluka yophwatalala ngati yatsinidwa, m'malo mokhala yobulungira.

Azigogo ambiri amati mayi woyamba kubereka amve ululu basi, bere lidzakhwima lokha. Pali zoona pang'ono, pakuti masiku oyambirira nsonga imathadi kuwawa mwana akangoyamba kukoka, koma zimenezi zimatha posachedwa. Ululu wosaleka mpaka mwana atamaliza, ming'alu kapena magazi, si kukhwima ayi. Kawirikawiri zimakhala kuti nkhama za mwana zikutafuna nsonga, ndipo kupirira kumangokulitsa bala. Ena amati vuto ndi mkaka wochepa, apatseni mwana madzi. Taganizirani khanda la masiku 5 lomwe likukhala pabere nthawi yaitali, kulira likangochotsedwa, ndi kunyowetsa matewera 3 okha pa tsiku, pamene mabere a mayi ali gwa, otupa. Mkaka ulipo, koma sukutuluka. Likapatsidwa madzi liyamwa mochepa, ndipo bere losakamidwa limachepetsa mkaka, mpaka zomwe ankaopazo n'kuchitikadi.

Mayi ameneyu asamukoke mwana pabere. Alowetse chala chaching'ono chosamba m'mbali mwa kamwa kuti mwanayo asiye. Ngati bere lalimba kwambiri, afinye mkaka pang'ono kuti lifewe. Kenako amufungatire mimba ndi mimba, mutu ndi thupi zili mowongoka, mphuno italunjika nsonga. Akhudzitse nsonga pamlomo wam'mwamba, adikire mwana ayasamule ndithu, ndiyeno amubweretse msanga, chibwano patsogolo. Mwana ndiye apite kubere, mayi asaweramire kwa mwana.

Umboni uli m'thewera. Kuyambira tsiku la 5 kapena la 6, mwana woyamwa kosachepera ka 8 usana ndi usiku amakodza ka 6 kapena kuposa pa tsiku, chimbudzi chimakhala chachikasu, ndipo pofika sabata 2 sikelo imabwerera pomwe anabadwira. Koma si zonse zimatha ndi kagwiridwe. Mwana wolephera kuyamwa, wogona osadzutsika, wobadwa masiku asanakwane, kapena mayi amene bere latentha ndipo akumva malungo, apite kuchipatala tsiku lomwelo.