Mapadi a Buleki pa Njinga ya Kabaza: Zoyenera ndi Zosayenera

Mapadi a buleki amene amagulitsidwa m'masitolo a zipangizo za njinga zamoto ndi a mitundu ingapo, kuphatikizapo itatu iyi: a oganiki, a semimetaliki ndi a seramiki. Onse amaimitsa njinga, koma amasiyana akatentha, ndipo kwa wakabaza nkhani yagona pa kutenthako.

Zoyenera: Yambani mwaona mtundu wa buleki umene uli pa njinga yanu. Mapadi ndi a buleki ya disiki. Njinga zambiri za kabaza zili ndi dilamu kumbuyo, zina ngakhale kutsogolo, ndipo m'dilamu mumalowa mashuzi.

Zosayenera: Musagule chifukwa choti wogulitsa wati "awa amalowa paliponse". Tengani padi yakale mukafananitse.

Zoyenera: Ngati mumanyamula katundu wolemera kapena mumayenda m'mapiri, ikani a semimetaliki kutsogolo. Mwa iwo muli tizidutswa ta chitsulo ndi kopa, motero amapirira kutentha. Tiyerekeze wakabaza akutsetsereka phiri la Zomba kuchokera ku Ku Chawe. Njinga ikulemera makilogalamu 120, iye 65, pasinjala 65, thumba la mbatata 50. Onse pamodzi ndi makilogalamu 300, ndipo pakona iliyonse buleki ikusandutsa liwiro la katundu yenseyo kukhala kutentha. Apa a semimetaliki amagwirabe mpaka kufika m'tauni. Kuipa kwake n'kwakuti amalira pang'ono komanso amadya disiki msanga kuposa a oganiki. Ine ndimaona kuti zimenezo n'zopiririka.

Zosayenera: Musadalire a oganiki pamtsetse wotere. Amapangidwa ndi ulusi, labala ndi zina zofewa zomatidwa ndi utomoni, ndipo utomoniwo ukatentha kwambiri padi imayamba kuterera pa disiki. Mudzadziwa ndi fungo la chinthu chopserera, komanso mukafinya buleki, chogwirira chimakhala cholimba bwinobwino koma njinga siima. Mukatero imani pambali mabuleki azizire okha, musawathire madzi, chifukwa disiki ikhoza kupindika. Chogwirira chikafewa n'kumafika pa handulo, vuto ndi lina: mafuta a buleki awira, ayenera kusinthidwa. Ndipo padi ya mtundu uliwonse imafuna kuti mutsetsereke pa giya yotsika, injini izithandiza kugwira njinga.

Zoyenera: Gulani a oganiki ngati mumangozungulira pamalo athyathyathya ndi pasinjala mmodzi. Ndi otchipa, salira, ndipo amasunga disiki.

Zosayenera: Musaiwale kuti amatha msanga, makamaka m'nyengo ya dzinja pamene matope ndi mchenga zimalowa pakati pa padi ndi disiki.

Zoyenera: Werengani zilembo ziwiri zimene opanga ena amadinda kumbuyo kwa padi kapena pa paketi, monga FF, GG kapena HH. Choyamba chimanena kagwiridwe kake ikakhala yozizira, chachiwiri ikatentha. H imagwira kuposa G, G kuposa F, ndipo F kuposa E. Padi ya FE ndiye kuti imafooka ikatentha, isiyeni.

Zosayenera: Musakopeke ndi a seramiki poganiza kuti chodula ndiye chabwino. N'zoona kuti salira, satulutsa fumbi lambiri lakuda, ndipo amakhalitsa. Koma samwa kutentha ngati a chitsulo, ndiye kutentha kwambiri kumatsalira m'disiki, yomwe pa njinga za kabaza ndi imodzi komanso yaing'ono. Wakabaza amene njinga yake imayenda m'fumbi tsiku lonse apindulanji ndi gudumu losada? Mukaona paketi yolembedwa kuti seramiki koma mtengo wake ukufanana ndi wa oganiki, ikayikireni.

Zoyenera: Uzani makaniko ayeze disiki asanaike mapadi atsopano. Pa disiki zambiri pamakhala mawu akuti MIN TH otsatana ndi nambala, ndiye malire a kupyapyala kwake. Ikafika pamenepo ndi yofunika kusintha. Mapadi atsopano aphunzitseni pamsewu wopanda anthu: thamangani pang'ono, gwirani buleki mofatsa, bwerezani kangapo mukuwapatsa mpata wozizira.

Zosayenera: Musadikire kuti chitsulo chikhudze chitsulo. Kamzere ka pakati pa padi kakafufutika, kapena mnofu wake ukatsala pafupifupi milimita imodzi ndi theka, sinthani onse awiri, a mtundu umodzi. Musapemerere fumbi la mabuleki ndi pakamwa, pakuti mapadi ndi mashuzi ena otchipa amakhala ndi asibesitosi amene amawononga mapapo. Pukutani ndi kansalu konyowa.

Inu akabaza a ku Zomba, Dedza, Thyolo ndi kwina kwa zitunda, ngati njinga yanu ili ndi disiki kutsogolo, ikani a semimetaliki.