KODI KUPEZA WOGULA MMODZI KUDYA NDALAMA ZINGATI?

Pa Jenda, m'mbali mwa msewu wa M1, amalonda ambiri atumiza katundu pa minibasi kwa ogula a ku Mzimba boma, nalandira ndalama pa Airtel Money kapena TNM Mpamba. Ena alipira wailesi kuti ilengeze malonda awo, ena apatsa mnyamata kangachepe kuti awapezere ogula. Asanalipire, ayenera kudziwa malire: ndalama zimene angathe kutaya pofuna wogula mmodzi osaluza.

Malirewo apezeka pochotsa pa mtengo wogulitsira zonse zimene katunduyo adya kufikira ndalama zili m'manja. Nachi chitsanzo cha mitengo yongoyerekeza, cha mayi wogulitsa thumba la anyezi pa K60,000.

Kugula anyezi kwa mlimi: K42,000
Thumba lopanda kanthu: K1,000
Minibasi ndi wonyamula: K7,000
Zodula potapa ndalama kwa ejenti: K2,000
Zonse pamodzi: K52,000
Zotsala: K8,000

K8,000 imeneyi ndiyo malire. Akataya K8,000 kuti apeze wogula thumba limodzi, sapindula ndiponso saluza. Ikapitirira pamenepo, wayamba kudya mpamba.

Tsono mayiyo alipira K40,000 ku wailesi. Pogawa K40,000 ndi K8,000 apeza kuti afunika ogula 5 kuti ndalamayo ibwere. Akagula anthu 8, aliyense wadya K5,000, ndipo phindu ndi K3,000 pa thumba, ndiyo K24,000. Koma akagula 4 okha, aliyense wadya K10,000, ndipo mayiyo waluza K8,000 ngakhale matumba onse anafika bwino.

Ambiri aphonya powerenga oimba foni m'malo mwa ogula. Anthu 20 akafunsa mtengo koma olipira ndi 4, K40,000 ija igawidwe ndi 4, osati 20. Wofunsa mtengo sanagule. Kuti adziwe zoona, wogulitsa afunse wolipira aliyense kumene anamva za malondawo, nalembe m'buku, popeza wogula wakale sanabwere chifukwa cha wailesi.

Chinanso choiwalika ndi katundu woonongeka. Ngati mwa matumba 10 limodzi lavunda ndi mvula pa njira, mwini wake nabwezeredwa ndalama, zolowa ndi K540,000 pamene zotuluka ndi K520,000. Zotsala ndi K20,000, ndiko kuti K2,000 yokha pa wogula mmodzi. Pamenepo chilengezo chomwe chija chifuna ogula 20, osati 5.

Wogula amene abweranso mwezi wamawa akweza malirewo, pakuti safuna chilengezo chatsopano. Koma awerengedwe pokhapo buku likaonetsa kuti wabweradi. Ndipo mtengo wa mafuta ukakwera, minibasi nikweza, masamuwo achitidwenso chilengezo china chisanalipiridwe.